Juzi ikakana kulowa m'mutu, yang'anani mzere womaliza

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, ife oluka kuno ku Area 18 ntchito imatichulukira. Makolo amafuna majuzi a yunifolomu chisanu cha Juni ndi Julaye chisanafike, ndipo amayi oyembekezera amafuna seti ya mwana: chipewa, kajuzi, timasokosi ndi shawelo. M'nyengo imeneyi dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi limodzi: “Mayi, juziyi ndi yokongola koma ikukana kulowa m'mutu.” Ambiri amaganiza kuti wolukayo anachepetsa juzi yonse, kapena kuti ulusi wake ndi wachabe. Koma mukaigwira juziyo n'kukoka khosi lake ndi manja awiri, mupeza kuti ribu ikutambasuka bwinobwino, chimene chaima nji ndi mzere umodzi wokha wa m'mphepete, uja tinatsekera masitichi pomaliza.

Ribu, kaya ndi ya pleni mmodzi pelo mmodzi kapena awiriawiri, imakhala yodzipinda yokha, mizere ina kutsogolo ina kubisala kumbuyo. Mukaikoka mapindowo amatseguka, komanso sitichi iliyonse imafupika n'kupereka ulusi wake m'mbali. N'chifukwa chake kakhosi kooneka kakang'ono kamatha kudutsa mutu wonse. Kutseka kumene ambiri tinaphunzira kwa amayi athu, koluka masitichi awiri n'kulumphitsa yoyamba pamwamba pa yachiwiri, kumagoneka sitichi iliyonse cham'mbali, n'kupanga katcheni kozungulira khosi. Sitichi yogona kale cham'mbali ilibenso ulusi woti ipereke. Tcheni chija chikafika pamene chathera, chathera pomwepo, ndipo mukakakamiza, ulusi ndi umene umaduka.

Titenge juzi ya mwana wa Sitandade 1. Mutu wa mwana wa zaka 6 umazungulira pafupifupi masentimita 52, mukayeza ndi tepi pamphumi ndi pamwamba pa makutu. Tinene kuti mwaluka ndi ulusi wapakatikati umene pachikutiro pake palembedwa DK, thupi pa singano za mamilimita 4, ndipo pakhosi mwatola masitichi 80 pa singano za 3.25. Gawani 52 ndi 80: sitichi iliyonse ya mzere womaliza iyenera kutambasuka kufika mamilimita 6 ndi theka. Kutseka kwa masiku onse pa singano zazing'onozo, m'manja mwanga, kumapereka pafupifupi theka la sentimita pa sitichi, ndiye kuti khosi lonse likuima cha pa masentimita 40. Atsala 12, ndipo amenewo ndi amene amapinda makutu a mwana m'mawa uliwonse mpaka ayambe kuthawa juzi n'kumapita kusukulu akunjenjemera.

Kuwerengera kumeneku kuli ndi phindu lina. Simufunika kudikira mpaka mutatseka khosi lonse kuti mudziwe ngati zayenda. Mukatseka masitichi 20 mwa 80 aja, imani, kokani chigawocho pa tepi. Chikafika masentimita 13 pitirizani. Chikaima pa 10, masulani pomwepo, ntchito idakali yochepa.

Chothandiza chimene aliyense amachidziwa ndi kutsekera singano yaikulu kudzanja lamanja, mwachitsanzo ya mamilimita 4.5 kapena 5, ndi kuluka pleni pa pleni, pelo pa pelo, m'malo motseka zonse ndi pleni. Zimathandizadi, ndipo pa khosi la V kapena lotakasuka n'zokwanira. Koma dziwani kuti mwangotalikitsa tcheni, simunachipatse mphamvu yobwerera. Mukakulitsa kwambiri, mphepete imayasama n'kumaoneka yotopa juzi idakali yatsopano. Pa khosi lozungulira lothina, ine sindidalira njira imeneyi.

Imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri pa ribu ndi ya mayi wina wa ku America, Jeny Staiman, imene inatuluka m'magazini ya oluka ya Knitty m'chaka cha 2009. Nzeru yake ndi yapafupi: sitichi iliyonse muipatse ulusi wapadera musanaitseke. Ngati sitichi yotsatira ndi pelo, ulusi uli kutsogolo, uzungulitseni pa singano ya kumanja monga mwa masiku onse, kudutsa pamwamba kupita kumbuyo n'kubwerera kutsogolo kudzera pakati pa singano, kenako lukani pelo. Ngati yotsatira ndi pleni, zungulitsani mobwerera: ulusi uchoke kumbuyo, udutse pamwamba pa singano kubwera kwa inu, ubwerere kumbuyo kudzera pakati pa singano, kenako lukani pleni. Tsopano tengani ulusi wozungulitsa uja muulumphitse pamwamba pa sitichi imene mwangolukayo. Ngati pa singano ya kumanja patsala sitichi yam'mbuyo, nayonso ilumphitseni, patsale imodzi. Mukatero mpaka kumapeto.

Anthu ambiri amene ndawaphunzitsa amafunsa chifukwa chake kuzungulitsako kuli kwa mitundu iwiri. Mukazungulitsa mbali imodzi yokha, khosi litambasukabe, koma mphepete yake imagona mbali imodzi. Kusinthasinthako kumachititsa kuti mphepete ikhote pamene ribu ikukhota, ndiye mutu ukadutsa, khosi limadzipindanso n'kukhala pathupi. Vuto la njirayi ndi loti imadya ulusi wambiri kuposa kutseka wamba, choncho musaiyambe ndi kaulusi kotsalira kumapeto kwa mpira. Komanso kwa amene dzanja lawo ndi lolekerera, mphepete imachita mafunde. Zikatero, tsikani singano, osati kukwera: ya mamilimita 3 pamalo pa 3.25, ndipo musamakoke ulusi wozungulitsa uja kuti ukule. Izi zimadabwitsa anthu chifukwa anazolowera kuti kumasula n'kukulitsa singano.

Pa zovala za makanda ndimakonda kutseka kosoka, kumene Elizabeth Zimmermann, amene analemba buku la Knitting Without Tears mu 1971, anakutchukitsa. Mphepete yake ndi yopyapyala ndi yofewa, yopanda chingwe chokanda khungu la mwana. Mumadula ulusi wotalika katatu kuposa mphepete itatambasuka; pa khosi lathu la masentimita 52 ndiye 156, muonjezereko pang'ono wobisira, tinene 170. Ulowetseni m'singano yosokera ya nsonga yobuntha. Pisani singanoyo m'masitichi awiri oyamba kuchokera kumanja kupita kumanzere, ngati mukufuna kuluka pelo, kokani ulusi wonse. Bwererani m'sitichi yoyamba yokha kuchokera kumanzere kupita kumanja, ngati pleni, kokani, ndipo igwetseni pa singano yolukira. Awiri kupita, imodzi kubwerera, n'kugwetsa.

Apa chimene chimalamula ndi dzanja lanu, osati singano. Mukamakoka ulusi mwamphamvu pa sitichi iliyonse, mupanga khosi lolimba kuposa limene mumathawa lija. Ine ndimatambasula ribu ndi zala za kumanzere pamene ndikukoka, kuti ulusi ukhale molingana ndi ribu yotambasuka. Ndichenjeze zinthu ziwiri. Njirayi siimasuka ndi kungokoka ulusi. Mukalakwa, muzitola sitichi imodziimodzi, choncho kuyeza pa masitichi 20 kuja kumafunika kwambiri pano. Chinanso, ulusi womwewo umadutsa m'masitichi kambirimbiri, ndiye ulusi wofooka, makamaka womasula ku juzi ya pakaunjika, umayamba ubweya n'kuduka muli pakati. Ulusi wotere utsekereni njira ya Jeny.

Tsopano za m'mikono. Mapatani ambiri akale amene ali m'nyumba zathu amayambira mkono pansi kukwera m'mwamba, choncho ribu ya padzanja imakhala poyambira, osati potsekera. Koma ntchito imene imabwera kwambiri kwa ine kuchokera ku Kawale, ku Area 25 ngakhale konkuno ndi yotalikitsa mikono ya juzi ya chaka chatha, mwana atakula, kapena kukonza ribu imene yatha ndi kukhuzika pa desiki. Timadula ulusi umodzi pamwamba pa ribu, kuchotsa ribu yakaleyo, kutola masitichi n'kuluka motsika. Pamenepo mapeto a mkono asanduka potsekera, ndipo ambiri amagwa pomwepa chifukwa amayeza pamfundo ya dzanja. Yezani pamene dzanja latakasuka kwambiri, mozungulira mfundo za zala chala chachikulu chitapindidwira mkati, chifukwa pamenepo ndi pamene payenera kudutsa. Ganiziraninso kuti mwana adzakwinyira mikonoyo m'mwamba posamba m'manja kapena potsuka mbale. Masokosi olukira kuchokera ku zala nawonso chimodzimodzi: pakamwa pake payenera kudutsa chidendene, osati kungokwana pamwendo.

Nthawi zina mumatseka bwino koma khosi n'kukanabe. Pisani zala pansi pa ribu, pamene inalumikizana ndi thupi la juzi. Ngati pali kamzere kolimba, vuto ndi masitichi a kumbuyo kwa khosi amene munawatseka mothina musanatole ribu. Pa juzi za ana ndibwino masitichi amenewo osawatseka n'komwe. Asungeni pa pini kapena pa kaulusi ka mtundu wina, mudzawalukire m'ribu ali amoyo. Chimodzimodzi khosi lopinda pawiri: lisokereni mkati masitichi ali otseguka, sitichi imodziimodzi, mukutambasula posoka.

Kwa makanda pali malire amene kutseka kulikonse sikungawadutse. Mwana wobadwa kumene mutu wake umazungulira pafupifupi masentimita 35, ndipo pofika chaka chimodzi wafika cha pa 46, pamene khosi lake ndi laling'ono kwambiri. Khosi la juzi loti lidutse mutu wotere popanda kukoka lingakhale lotseguka moti mphepo ilowa pachifuwa. Apa ikani mabatani awiri kapena atatu paphewa, kapena lukani yotsegula kutsogolo. Mayi amene akuveka mwana wa masabata awiri m'mawa wa Julaye sayenera kulimbana ndi khosi la juzi pa liwombo.

Ulusi umene ambiri timagula m'tauni ndi wa akiriliki, ndipo umenewu suli ngati ubweya weniweni wa nkhosa umene umalola pang'ono ukanyowa. Khosi la akiriliki likathina lathina, kuchapa sikulimasula. Ena amayesa kulitambasula ndi simbi yamoto. Limatambasukadi, koma ribu imafa, imakhala yosalala ndi yonyezimira, ndipo sibwereranso mpaka kalekale. Ngati muli ndi juzi yothina khosi m'nyumba, funani pamene ulusi womaliza unabisidwa, masulani mzere wotsekawo, bwezani masitichi pa singano yaying'ono kuti asathawe, ndipo mumasulenso mzere umodzi kapena iwiri ya ribu kuti mupeze ulusi wokwanira kutsekanso.