Kope limodzi lingateteze mpamba wa baraka ku Itepela

Ogulitsa m'mabaraka ku Itepela, m'boma la Ngauma, amapikula katundu kutali, monga ku Mandimba kapena ku Cuamba. Pofuna kupulumutsa ndalama ya mayendedwe, wogulitsa angapikule wambiri nthawi imodzi, koma apa mpamene mpamba umagonera pashelefu.

Mankhwala ake ndi kuwerenga katundu sabata iliyonse n'kulemba m'kope. Mwachitsanzo, Lolemba munali sopo 12, mwini baraka napikula 48, ndipo m'sabatayo wagulitsa 20. Ayenera kutsala 40. Akapezeka 37, ndiye kuti atatu abedwa kapena anaperekedwa pangongole osalembedwa. Kuwerenga kukachedwa mwezi wathunthu, palibe amene angakumbukire.

Kope lomwelo limauzanso wogulitsa mlingo wopikula. Ngati mafuta ophikira amatuluka mabotolo 5 pasabata, mabotolo 60 adzakhala masabata 12, ndalama ili yomangika. Nthawi ya njala, anthu asanakolole, adzakhalitsa kuposa pamenepo.

Katundu watsopano aziikidwa kumbuyo, wakale kutsogolo. Koma chachikulu ndi tsiku lothera ntchito lolembedwa papaketi: amene tsiku lake layandikira ndiye ayambe kutuluka, ngakhale atafika dzulo.