Kanema wosagwedera amayambira m'zigongono

Makanema ambiri a pa chinkhoswe amene timatumizirana amatopetsa maso: chithunzi chikunjenjemera, mutu wa ankhoswe wadulidwa, nkhope zada bii. Kawirikawiri foni ilibe mlandu. Vuto ndi kaimidwe ka wojambula.

Munthu akatambasula mkono umodzi foni ili kunsonga, mkonowo umatopa msanga n'kuyamba kunjenjemera. Choncho gwirani foni ndi manja onse awiri, zigongono zitsamire m'nthiti, foni ikhale pafupi ndi chifuwa. Tangadzani miyendo pang'ono, mawondo asaume, ndipo muzipuma modekha, chifukwa phuma limakweza ndi kutsitsa chithunzi. Ngati pafupi pali mtengo kapena khoma, tsamirani phewa. Mukakhala pampando, zigongono zikhale pamawondo.

Tsono tinene kuti ankhoswe aimirira kuti alangize ana awo, inu muli kumbuyo kwa anthu. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Kukoka kumeneko kumakulitsa chithunzi pamodzi ndi kugwedera komwe, moti dzanja likasuntha pang'ono chabe, nkhope imathawa pa sikirini. Siyani kamera pa 1x, musendere ndi miyendo mpaka mutatsala masitepe atatu kapena anayi. Pamenepo ngakhale mawu amamveka bwino, popeza maikolofoni ya foni imatola kwambiri zimene zili pafupi. Posankha poima, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali. Likakhala kumbuyo kwa ankhoswe, kamera imatsata kuwalako, nkhope n'kuda.

Kuti munthu akhale bwino m'chithunzi, pitani pa Settings ya kamera muyatse Grid, imene mafoni ena amailemba Grid lines. Pa sikirini padzaoneka mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa. Maso a wolankhula akhale pa mzere wopingasa wam'mwamba. Mukatero mutu sudulidwa, komanso denga la tenti silidzaza theka la chithunzi. Ngati ankhoswe ayang'ana kumanzere, aikeni pa mzere woimirira wakumanja, kuti malo otsala akhale kumene akuyang'anako. Mizere yomweyi imaulula ngati foni yapendekeka: iyerekezeni ndi mzati wa tenti kapena mphuthu ya chitseko.

Sankhani musanayambe ngati foni igona kapena iimirira. Yogona imakwanitsa ankhoswe ndi otomerana onse awiri, ndipo imadzaza kanema wa m'nyumba. Yoimirira imayenera munthu mmodzi woonetsedwa pa foni. Mukaitembenuza mkati mojambula, gawo lotsatiralo limatuluka chogona cham'mbali.

Nthungululu zikamveka, musathamangitse foni uku ndi uku. Mapazi akhale pomwepo, zigongono zisachoke m'nthiti, mutembenuke ndi chiuno pang'onopang'ono. Mukafika pa amayi akuvinawo, imani, muwerenge chamumtima mpaka 10 musanasunthenso, kuti woonera apeze nthawi yozindikira nkhope za abale ake.