Imelo ya "Dziwanani" yomwe sinayankhidwe

Tiyerekeze mlangizi wa zamalonda wa ku Lilongwe amene ali ndi anzake awiri osadziwana. Mmodzi ndi mayi wa ku Mchinji amene amapera chiponde, mabotolo 300 pa sabata. Winayo ndi bambo amene amaoda katundu wa sitolo ina yaikulu mumzinda. Mlangiziyo anawalembera imelo imodzi, mutu wake "Dziwanani", ndipo mawu ake anali awa: "Ndaona kuti n'kwabwino mudziwane. Nonse ndinu anthu olimbikira ntchito. Kambiranani."

Panadutsa masabata awiri, kuli zii.

Sikuti panali wamwano. Bambo aja amalandira makalata ambirimbiri a anthu ofuna kuwagulitsa katundu, ndiye kalata yosanena chimene ikufuna amangoti aiona mawa. Mayi aja nawo anaona kuti kuyamba iwo kulankhula kwa munthu wa udindo n'kuthamanga magazi, choncho anadikira. Chifukwa chokumanirana chinalipo ndithu, koma chinatsala m'mutu mwa mlangizi. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti sitoloyo ikusaka chiponde chopangidwa konkuno, ndiponso kuti mayiwo atopa ndi kugulitsa botolo limodzilimodzi pamsika.

Panali vuto linanso. Mlangiziyo anaika maadiresi onse awiri pa To asanafunse eni ake. Mu 2009, Fred Wilson, mkulu wina wa ku New York amene amaika ndalama m'makampani ongoyamba kumene, analemba kuti mkhalapakati aziyamba wafunsa aliyense payekha ngati akufuna kulumikizidwa. Nzeru yake ndi yakuti munthu amakana momasuka akakhala awiriwiri ndi mnzake, pomwe pamaso pa mlendo amavomera chifukwa cha manyazi, kapena amangokhala chete. Komanso adiresi ya munthu si yogawa ngati mtedza wokazinga.

Mlangizi uja anaimbira foni aliyense, onse anavomera, kenako analembanso. Pa Subject anaika mayina onse awiri ndi nkhani yake: "Mayi Uje ndi Bambo Ujeni: chiponde cha ku Mchinji cha m'sitolo". Kalatayo inati:

"Bambo Ujeni, awa ndi Mayi Uje amene ndinakuuzani Lachiwiri. Amapera chiponde cha mtedza wa CG7, mabotolo 300 pa sabata, ndipo ine ndakhala ndikugula kwa iwo zaka ziwiri. Munanena kuti mukufuna munthu wodalirika wokubweretserani chiponde mwezi ndi mwezi. Chiphaso cha MBS sanalandire, akadali kutsata ndondomeko yake. Mayi Uje, Bambo Ujeni ndi amene amasankha zakudya zolowa m'sitolo yawo, ndipo angakuuzeni zimene amafuna pa botolo ndi pa chizindikiro musanawononge ndalama kosindikiza. Mayi, yambani ndinu: atumizireni masiku awiri a sabata yamawa amene mungalankhulane pafoni kwa mphindi 20."

Mawu oyamikira aja achoka, m'malo mwake mwalowa zinthu zimene munthu angazigwiritse ntchito. "Olimbikira ntchito" sauza woodayo kanthu, koma "mabotolo 300" amamuuza pompopompo ngati mayiwo angakwanitse oda yake. Zaka ziwiri zogula chipondecho ndi umboni wa mlangizi mwiniwake, ndipo wanena zokhazo zimene waziona ndi maso.

Chiganizo cha chiphaso chija ndicho ambiri akanachichotsa poopa kuwononga malonda a mnzawo. Akanalakwitsa. Bungwe la MBS ndi limene limayesa katundu ngati wafika pa muyezo, ndipo pa chiponde nkhawa yaikulu imakhala poizoni wochokera ku chuku cha mtedza wosauma bwino. Woodayo akanafunsa za chiphasocho pa mphindi yoyamba, n'kuona ngati mlangizi anamubisira dala. Atauzidwa kale, amadziwa kuti foniyo ndi yokonzekera zam'tsogolo, si yoti agule mawa. Mayi nawo sataya kanthu, chifukwa ngakhale oda ichedwe, amatsala ndi malangizo a chizindikiro cha pa botolo.

Chiganizo chomaliza chikutchula woyamba kulankhula, ndipo nthawi zambiri amakhala amene akufuna thandizo kwambiri. Mayi Uje akamayankha, ayenera kuthokoza mlangizi m'mzere umodzi ndi kusamutsa adiresi yake kupita pa Bcc. Akatero, mlangizi amaona kuti nkhani yayamba, koma mayankho otsatira okambirana za tsiku ndi ola samufikanso, ngakhale wina atadina Reply all.

Pakadutsa masiku atatu kapena anayi popanda yankho, mlangizi sakumbutsa onse awiri pamodzi. Amatumiza uthenga waufupi kwa Mayi Uje okha, poti ndi iwo amene anapatsidwa ntchito yoyamba.