Mfundo Zimene Chiganizo Chimayambirapo ndi Zimene Zimatulukamo

Chiganizo chilichonse chimanyamula mfundo zoposa zimene makutu amva. Munthu akanena kuti "Malume asiya kusuta fodya," womvera amatolapo zinthu ziwiri: kuti malumewo pakadali pano sakusuta, ndiponso kuti kale ankasuta. Zonse ziwiri zachokera m'mawu omwewo, koma sizinabwere mofanana. Yoyamba ndiyo nkhani imene wolankhula wabwera nayo, ndipo imatuluka m'chiganizomo mosapeweka: ngati chiganizo chili choona, nayonso iyenera kukhala yoona. Akatswiri a zilankhulo amaitcha enteyilimenti, ndipo pano itchedwa mfundo yotulukamo. Yachiwiri wolankhula sakuinena ngati nkhani yatsopano. Waitenga ngati yodziwika kale, n'kuyambirapo kulankhula. Imeneyi ndi pulisapozishoni, kapena kuti mfundo yoyambirapo.

Njira yodalirika yosiyanitsira ziwirizi ndi kukanitsa chiganizo. "Malume agula mbuzi yoyera" chimatulutsa mfundo yoti malume agula mbuzi, komanso yoti agula chiweto. Chikasinthidwa n'kukhala "Malume sanagule mbuzi yoyera," mfundo zija zimagwa. Mwina anagula yakuda, mwina sanagule kanthu, chiganizo sichikunenanso. Tsono kukanitsa komweko kuchitike pa chiganizo cha fodya chija: "Malume sanasiye kusuta fodya." Mfundo yoti pano sakusuta yapita, koma yoti ankasuta yatsala chilili. Imatsalanso pa funso lakuti "Kodi malume asiya kusuta?", pa kukayika kwakuti "Mwina malume asiya kusuta," ngakhale pa mawu akuti "Ngati malume asiya kusuta, chifuwa chawo chichepa." M'ziganizo zitatuzi palibe amene wanena motsimikiza kuti asiya, komabe womvera aliyense amapita akudziwa kuti malumewo ndi munthu amene anali pa fodya. Mfundo yoyambirapo ili ngati mafuwa: mphika ungasinthidwe kangapo, iwo amakhala pomwepo.

Nkhaniyi inayambira kwa anthu ofufuza za kaganizidwe kolondola. Mu 1892, Gottlob Frege wa ku Germany anaonetsa kuti wonena kuti Kepler anafa ali pa mavuto ndi wonena kuti sanafe ali pa mavuto, onse awiri avomereza kale kuti dzina loti Kepler likuloza munthu amene anakhalapodi. Mu 1905, Bertrand Russell anatenga chiganizo chonena kuti mfumu ya dziko la France ili ndi dazi, pa nthawi imene France inalibe mfumu, ndipo anati chiganizocho n'chabodza basi. Peter Strawson anamutsutsa mu 1950. Iye anati pamene mfumuyo kulibe, funso loti mawuwo ndi oona kapena abodza silibuka n'komwe. Apa pali kusiyana kwachiwiri. Mfundo yotulukamo ikakhala yabodza, chiganizo chonse ndi chabodza: ngati malume sanagule chiweto chilichonse, wonena za mbuzi yoyera wanama. Koma mfundo yoyambirapo ikakhala yabodza, womvera sathamangira kunena kuti "bodza." Amayamba wadabwa: "Dikirani kaye, malume ankasuta liti?"

Mfundo zoyambirapo sizibwera mwachisawawa. Pali mawu ndi kamangidwe ka ziganizo kamene kamazidzutsa, ndipo Chichewa chili nazo zambiri. Aneni osonyeza kusintha, monga kusiya, kuleka, kuyamba ndi kupitiriza, amaloza mmene zinthu zinalili poyamba. Aneni monga kudziwa, kuzindikira ndi kudandaula amatenga zimene zikuwatsatira ngati zoona. "Agogo sakudziwa kuti nkhuku yafa" chikutanthauza kuti nkhukuyo yafadi, pamene "Agogo sakuganiza kuti nkhuku yafa" chasiya nkhani ili poyera. Mawu osonyeza umwini nawonso amadzutsa: "njinga ya mlongo wanga" akuvomereza kale kuti mlongo alipo ndipo ali ndi njinga. Chimodzimodzi kamangidwe kakuti "Si mwanayu amene anaswa mbale," komwe kakuchotsa mlandu pa mwana koma n'kusiya mbale ili yosweka ndipo woswa alipo. Funso loti "Ndani watsegula khola?" nalonso latenga kale kuti khola latsegulidwa.

Zodzutsa zina ndi tizigawo ting'onoting'ono ta mawu, ndipo n'zimene zimadutsa anthu osaziona. Kachigawo ka -be mu "Akudwalabe" kamanena kuti matendawo anayamba kale. Ka -nso kamagwira ntchito ziwiri, kutengera pamene kamatiridwa. "Aphunzitsi ajombanso" chimayambira pa mfundo yoti anajombapo kale. "Aphunzitsinso ajomba" chimayambira pa mfundo ina, yoti pali munthu wina amene wajomba. Zilembo zitatu zokha zasuntha, koma zimene womvera akufunsidwa kuvomereza mwakachetechete zasinthiratu.

Ngakhale imapirira kukanitsa, mfundo yoyambirapo ikhoza kufafanizidwa, ndipo uku ndi kusiyana kwachitatu. Munthu angathe kunena kuti "Malume sanasiye kusuta, pajatu sanasutepo chibadwire," ndipo mawuwo amamveka, ngakhale amafuna liwu lotsindika. Mfundo yotulukamo sifafanizika chonchi: "Agula mbuzi koma sanagule chiweto" ndi kudzitsutsa. Pofunika kusamala ndi pakuti kufafaniza kotere kumatheka m'chiganizo chokana. M'chiganizo chovomera, "Malume asiya kusuta koma sanasutepo" n'kudzitsutsanso, chifukwa pamenepo mfundo ija ili mbali zonse ziwiri, yoyambirapo komanso yotulukamo. Nthawi zina chiganizo chimadzitsekera chokha. "Ana ake ali kusukulu" chimavomereza kuti ana alipo, koma "Ngati ali ndi ana, ana akewo ali kusukulu" sichivomereza, popeza gawo loyamba laika nkhani ya anawo pa chikayiko. Lauri Karttunen anafotokoza kasefedwe kameneka mu 1973. Pena ndi nzeru wamba imene imafafaniza. "Anasamba asanagone" chimamveka kuti anagonadi, koma "Anamwalira asanamalize nyumba" palibe amene amamva kuti nyumbayo anaimaliza.

Kuyesa ndi kukanitsa kuli ndi malire ake. Ulemu wa mu "Mwabwera" umatsalabe mu "Simunabwere," komabe akatswiri ambiri sauika m'gulu la mfundo zoyambirapo, chifukwa ulemu ukalakwika nkhani ya kubwerayo imakhalabe yoona kapena yabodza monga inalili. N'chifukwa chake chiyeso chimodzi sichikwanira. Pamafunika kuonanso funso, kukayika, ndi mmene womvera amachitira mfundoyo ikakhala yabodza.

Si nthawi zonse pamene womvera amakhala akuidziwa kale mfundo yoyambirapo. Mlendo akati "Pepani ndachedwa, tayala la njinga yanga linaphwa," palibe amamufunsa ngati ali ndi njinga. Anthu amangoilandira, n'kupitiriza kucheza. David Lewis analemba za kulandira kotere mu 1979. Kumayenda bwino mfundoyo ikakhala yosadabwitsa. Mlendo yemweyo atati "ndege yanga," macheza angaime kaye.

Kulandira mosavutaku n'kumene kumapatsa mphamvu funso la msampha. Pabwalo la milandu, wina akafunsidwa kuti "Kodi unasiya kuba chimanga cha eni?", yankho la inde ndi la ayi onse akuvomera kuti ankaba, chifukwa mneni kusiya waika kubako kunja kwa zimene zikufunsidwa. Woyankha amene sanabe ayenera kukana funso lenilenilo, n'kuitulutsa mfundoyo poyera: "Sindinabepo chimanga cha munthu." Ikatero imasanduka nkhani yonenedwa mwachindunji, imene wofunsa ayenera kuiperekera umboni.