Kusaka Magazi Oundana M'mapapo: Sikani ya CTPA ndi Mawu a Lipoti Lake

Tiyerekeze mayi wina wa zaka 42, wochita geni yokatenga katundu ku Joni. Wakhala m'basi kupitirira tsiku lathunthu, miyendo ili yopinda. Atafika kwawo, katumba wa mwendo wamanzere watupa ndipo akupweteka, koma iye akuti ndi kutopa chabe. Patapita masiku atatu, akuyanika zovala, mwadzidzidzi mpweya wamuchepera. Akapuma mokoka, m'nthiti mukubaya ngati muli singano. Kuchipatala apeza kuti mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, koma chithunzi cha ekisire cha pachifuwa chatuluka chopanda vuto.

Dokotala sakhazikika mtima ndi ekisire yoyerayo. Akuganiza kuti magazi anaundana mumtsempha wam'kati mwa mwendo, kachidutswa kake kanathothoka, kanadutsa mbali yakumanja ya mtima n'kukatsakamira m'mitsempha yopita kumapapo. Ekisire wamba saonetsa zimenezi. Amathandiza kuona chibayo, TB kapena madzi m'chifuwa, koma m'kati mwa mtsempha saonamo.

Si aliyense wobanika amene amatumizidwa kusikani. Madokotala amayamba awerengera mapointi pa muyezo wotchedwa Wells. Kwa mayiyu, zizindikiro za magazi oundana m'mwendo zikupereka mapointi 3, kugunda kwa mtima kopitirira 100 kukupereka 1.5, ndipo poti palibe matenda ena amene akufotokoza bwino vutoli, pakuwonjezeka 3. Onse pamodzi ndi 7.5. Munthu amene sanapyole 4 amayamba wayezedwa magazi pa muyezo wa D-dimer, ndipo ukatuluka wotsika, sikani sifunikanso. Koma D-dimer imakweranso ndi pakati, opaleshoni, khansa kapena matenda ena, choncho ikakwera sikutanthauza kuti vutolo lapezeka. Amene wapyola 4, ngati mayiyu, amapita kusikani mwachindunji, ndipo nthawi zambiri amayambiratu kulandira mankhwala oletsa magazi kuundana, monga hepalini, akudikira.

Sikaniyo imatchedwa CTPA. Ndi makina a CT omwe aja ojambula mutu kapena mimba, koma apa nthawi yojambula imatcheredwa kuti igwire mitsempha ya m'mapapo. Njirayi inayamba kudziwika mu 1992, pamene gulu la dokotala Martine Rémy-Jardin ku Lille, m'dziko la France, linasonyeza kuti CT yojambula mozungulira mosalekeza imatha kuona vutoli. Kale ankalowetsa kapaipi kudzera mumtsempha mpaka kudutsa mumtima. CTPA inalanda malo chifukwa ndi yachangu, imangofuna singano pamkono, ndipo vutolo likapanda kupezeka imaonetsa china chimene chikubanikitsa munthuyo.

Chinsinsi chake n'chakuti makinawa saona mwachindunji magazi oundanawo. Pa chithunzi cha CT, magazi oyenda ndi oundana amaoneka pafupifupi chimodzimodzi, otuwa. N'chifukwa chake amapopera mumtsempha wapamkono mankhwala okhala ndi ayodini, mamililita 50 mpaka 100, mothamanga, pafupifupi mamililita 4 kapena 5 pa sekondi. Wodwala amamva thupi kutentha, m'kamwa kukoma ngati chitsulo, ena amaganiza kuti adzikodzera, koma zimatha posakhalitsa. Makina amadikira mpaka mtsempha waukulu wa m'mapapo utawala ndi mankhwalawo, kenaka amajambula chifuwa chonse m'masekondi ochepa. Pamene magazi akuyenda pamawala mbee. Pamene paundana pamatsala kadontho kakuda, popeza mankhwala sanalowepo.

Mankhwalawa amatuluka kudzera m'impso, choncho odwala impso amayamba aunikidwa, ndipo amene anadanapo ndi mankhwala otere ayenera kunena. Palinso cheza cha ekisire chochuluka kuposa cha chithunzi wamba, chimene chimadutsa m'mawere. Kwa mayi woyembekezera, dokotala angayambe ndi kuunika mwendo wotupawo ndi sikani ya mafunde a mawu, yonga ija yoonera mwana m'mimba. Magazi oundana akapezeka m'mwendomo, mankhwala ake ndi omwewo.

Lipoti limalembedwa m'Chingerezi ndi dokotala wowerenga zithunzi, ndipo limayamba ndi funso limene achibale sakhala nalo chidwi: kodi chithunzicho chinajambulika bwino? La mayiyu likunena kuti mitsempha inawala mokwanira. Kenaka pakubwera mawu akuti “filling defect”, kutanthauza malo amene mankhwala analephera kudzaza. Amenewo ndiwo magazi oundana aja. Akakhala pakati pa mtsempha, atazunguliridwa ndi mankhwala owala, amatchedwa “acute”, ndiye kuti ndi atsopano. Akamatirira kukhoma la mtsempha, kapena kuoneka ngati timaulusi, amatchedwa “chronic”, akalekale, ndipo amafuna kulondolozedwa mwanjira ina.

Kenaka lipoti limatchula malo, ndipo apa ndi bwino kuganiza za mtengo. Thunthu lochoka kumtima limagawika pawiri, kumanja ndi kumanzere. Chidutswa chokhala pamphanda imeneyo, chitatantha mbali zonse ziwiri, chimalembedwa kuti “saddle embolus”. Nthambi zikuluzikulu ndi “lobar”, zotsatira zake ndi “segmental”, ndipo tinthambi takunsonga ndi “subsegmental”. Mwa mayiyu, zidutswa zapezeka munthambi yaikulu yakumunsi kwa phapo lakumanja ndi munthambi ziwiri zocheperapo kumanzere. Kumphepete kwa phapo lakumanja kwaoneka kachigawo kooneka ngati mphero kamene kasowa magazi. Kameneko ndiko kankamubaya akamapuma.

Mzere umene dokotala wam'wodi amathamangira kuwerenga ndi wonena za mtima. Chipinda chakumanja cha mtima chili ndi khoma lopyapyala, sichinazolowere kukankha magazi panjira yotsekeka, ndiye chimafufuma. Wowerenga zithunzi amayeza m'mimba mwa chipinda chakumanja n'kugawa ndi chakumanzere. Mwa mayiyu ndi mamilimita 46 ndi 40, ndipo lipoti lalemba RV/LV 1.15. Nambala yopyola 1 imabwera ndi mawu akuti “right heart strain”, kusonyeza kuti mtima ukuvutika. Izi, pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa mpweya m'magazi, n'zimene zimagamula kuti agonekedwe ndi kuyang'aniridwa pafupipafupi. Kukula kwa chidutswa pakokha sikugamula.

Lipoti lovuta kulimvetsa ndi lija lonena kuti palibe chapezeka. Wodwala wobanika amalephera kugwira mpweya, zithunzi zakumunsi kwa mapapo n'kutuluka zogwedezeka, ndipo lipoti limati “motion artefact”. Winanso akauzidwa kuti agwire mpweya amaukoka mwamphamvu, zimene zimakokera kumtima magazi ochokera kumimba opanda mankhwala, mitsempha n'kuzimirira pa nthawi yojambula. Lipoti limati “suboptimal opacification”. N'chifukwa chake ojambula ambiri amangouza wodwala kuti apume pang'ono n'kusiya kupuma. Zikatere, wowerenga amalemba mpaka pamene maso ake afika, monga kuti palibe choundana m'thunthu ndi munthambi zikuluzikulu, koma tinthambi tating'ono sitinaoneke. Kafukufuku wa PIOPED II wa mu 2006 anapeza kuti CT ya nthawi imeneyo inkagwira odwala 83 mwa 100 alionse amene analidi ndi vutoli. Makina apita patsogolo, komabe dokotala amene akukayikirabe angabwereze sikani kapena kuunika miyendo.

Mayi uja adzamwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa miyezi yosachepera itatu. Mankhwalawo sasungunula chidutswacho, amangochiletsa kukula pamene thupi likuchiphwanya lokha. Koma m'bale amene wapatsidwa lipoti loti palibe chapezeka ali ndi funso limodzi loyenera kufunsa dokotala asanatuluke m'chipinda: “Adokotala, kodi mitsempha inaoneka bwino mpaka nthambi ziti?”