Kamkonono ka Mphaka Sikatanthauza Chisangalalo Chokha

Mphaka akakhuta n'kudzipinda pafupi ndi moto, amayamba kuliza kamkonono kake kapansipansi kaja ali maso, thupi lonse likunjenjemera. Eni ake amati wasangalala, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Koma madokotala a ziweto amamva kamkonono komweko kwa mphaka wothyoka mwendo, wobereka, ngakhalenso amene watsala pang'ono kufa.

Phokosoli limachokera m'kholingo. Timinofu totulutsa mawu timatseka ndi kutsegula njira ya mpweya kuyambira ka 25 mpaka ka 150 pa sekondi imodzi, pokoka mpweya ndi poutulutsa pomwe. N'chifukwa chake silidukiza, ndipo limamveka pakamwa pali potseka.

Mphaka amayamba kuchita zimenezi ali ndi masiku owerengeka chibadwire. Ana ake amabadwa osaona komanso osamva, choncho kunjenjemera kwa thupi la mayi ndiko kumawathandiza kupeza bere. Iwonso amaliza kawo akuyamwa, mayiyo n'kudziwa kuti ali pomwepo. Akakula, chizolowezicho sachisiya. Mu 2009, Karen McComb wa ku yunivesite ya Sussex ku Mangalande anapeza kuti amphaka ena akamapempha chakudya amasakaniza m'kamkononoko kulira kosongoka kofanana ndi kwa khanda, ndipo anthu okumva amaona kuti n'kofunika kuchitapo kanthu msanga.

Nanga wovulala amaliziranji? Akatswiri ambiri amaganiza kuti amadzitonthoza, monga mwana woyamwa chala, kapena amapempha kuti asamupweteke. Enanso amati kunjenjemerako kumathandiza mafupa ndi mabala kupola, koma maganizo amenewa sanatsimikizidwe, ndipo palibe chifukwa chosiyira mphaka wovulala kuti adzichiza yekha.

Taganizirani mphaka amene walumidwa ndi galu usiku. Mmawa akupezeka kuseri kwa matumba a chimanga, atanyonyomala, miyendo ataipinda pansi pa mimba, akuliza kamkonono. Mwini wake akhoza kunena kuti kanthu kochepa. Koma makutu awo agonera kumbuyo, kadontho kakuda ka m'maso kakula ngakhale kuli kowala, usipa waununkhiza n'kuusiya, ndipo akamugwira m'nthiti akufuna kuluma. Wosangalala sakhala choncho: amagona momasuka, maso ali ofooka ndi tulo, nthawi zina akupondaponda chofunda ndi miyendo yakutsogolo. Kupuma nakonso kumaulula. Mphaka amene wagona phee koma akupuma kupitirira ka 40 pa mphindi, kapena akupumira kukamwa, ali pangozi. Bala la dzino limaoneka laling'ono pamwamba koma limatha kutukusira mkati n'kuchita mafinya patatha masiku awiri kapena atatu.

Cholakwika chomvetsa chisoni kwambiri n'kumupatsa Panado pofuna kumuchitira chifundo. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mankhwalawa, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Mukaona zizindikirozi, kapena akatha tsiku lathunthu osadya, mukulungeni m'nsalu, muikeni m'katoni yoboola mipata ya mpweya, ndipo pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.