Alimi Angati Afunsidwe M'gulu Lililonse?

Pa kafukufuku wa zokolola, ofufuza sangafikire mlimi aliyense. Amagawa alimi m'magulu a ofanana, n'kusankha ochepa mwamaere m'gulu lililonse. Funso lotsala ndi lakuti gulu lililonse lipereke anthu angati.

Tiyerekeze dera la alimi a chimanga 10,000: aang'ono 8,000, apakati 1,500 ndi aakulu 500. Ndalama zilipo zofunsira alimi 400 okha.

Njira yoyamba imatsata kukula kwa gulu. Mwa alimi 100 alionse amasankhamo 4, motero aang'ono amakhala 320, apakati 60, aakulu 20. Ubwino wake ndi wakuti wofunsidwa aliyense amaimira alimi 25, ndipo kuwerengera avereji sikuvuta.

Koma alimi aang'ono amakolola mofananako. Wofufuza akafunsa wa nambala 300 samvanso zachilendo. Aakulu ndiye amasiyana kutali: wina wakolola matumba 150, mnzake 300, ndipo anthu 20 sangasonyeze bwino za gulu lotere. Apa ndi pamene pamalowa njira yachiwiri, yomwe Jerzy Neyman anaifotokoza mu 1934. Iyo imayang'ana kukula kwa gulu, `N`, pamodzi ndi mlingo wa kusiyana kwa zokolola m'gululo, `S`:

```
n_h = n × N_h × S_h / Σ(N_h × S_h)
```

Tinene kuti `S` ndi matumba 5 kwa aang'ono, 20 kwa apakati, 60 kwa aakulu. Kuchulukitsa kumapereka 40,000, 30,000 ndi 30,000. Zonse pamodzi 100,000. Choncho aang'ono amatenga magawo 4 mwa 10 a anthu 400 aja, omwe ndi 160, pomwe apakati ndi aakulu amatenga 120 gulu lililonse.

Phindu lake si laling'ono. Mlingo wa kuphonya kwa avereji umatsika kuchoka pafupifupi pa 0.8 ya thumba kufika pa theka la thumba. Kuti njira yoyamba ifike pamenepo, pangafunike alimi 1,040.

Komabe njirayi imafuna kusamala. Tsopano mlimi wamng'ono mmodzi akuimira 50, wapakati 12.5, wamkulu pafupifupi 4. Wongophatikiza mayankho onse 400 osaganizira zimenezi adzapeza zokolola zokwera mopitirira zenizeni. Avereji ya gulu lililonse iyenera kupatsidwa mphamvu molingana ndi kukula kwa gululo.

Chinanso, `S` amafunika kudziwika kafukufuku asanayambe, kuchokera ku kafukufuku wakale kapena woyeserera. Akalakwika kwambiri, phindu lija limatha. Ndiponso kagawidwe kokomera chimanga sikangakomere funso la ziweto kapena la ana a pasukulu. Kafukufuku wa mafunso ambirimbiri amayenda bwino ndi njira yoyamba. Pamene funso lalikulu ndi limodzi ndipo magulu akusiyana kwambiri pa `S`, njira ya Neyman ndiyo yoyenera.